Asidi akasukuluka kwambiri, kodi amasanduka alikali?

Pa zaka zomwe ndinkaphunzitsa sayansi ku sekondale, panali funso limodzi lomwe ndinkalisungira ana ochenjera. Ndinkalemba pa bolodi kuti tathira asidi wa haidirokoloriki m'madzi oyera mpaka mphamvu yake yatsika kufika pa 0.00000001 mol/L, ndipo ndinkawapempha kuti apeze pH ya madziwo. Sipankapita mphindi, manja ankakwera. Mwana amatenga kalikyuleta, n'kulemba nambalayo, n'kudina batani la log, ndipo yankho limatuluka loyera bwino: 8. Ndikafunsa kuti pH ya 8 imatanthauza chiyani, kalasi yonse inkayankha pamodzi kuti ndi alikali. Apa m'pamene pankagwa bata. Tathira asidi m'madzi, sitinathiremo china chilichonse, nanga alikaliyo wachokera kuti?

Bata limenelo ndinkalikonda kwambiri, chifukwa ndi nthawi imene mwana amazindikira kuti masamu ake ayenda bwino koma amufikitsa pa bodza. Yankho loona ndi 6.98. Asidi uja, ngakhale wasukuluka chotere, akadali asidi, ndipo pH yake ili kunsi kwa 7, ngakhale kuti yatsala pang'ono kwambiri kufikapo. Nkhani yonse yagona pa chinthu chomwe tonse timachiyang'ana koma osachiwerengera: madzi enieniwo.

Amayi a kukhitchini amaidziwa kale mfundoyi

Ndiwo zikachuluka mchere, mayi amathiramo madzi. Mchere uja umasukuluka, msuzi umayamba kumveka ngati madzi, ndipo akapitiriza kuthira, mapeto ake palibenso amene angamve kuti munali mchere. Koma palibe tsiku limene msuziwo udzayamba kutsekemera ngati muli shuga chifukwa chakuti madzi achuluka. Kuthira madzi kumakokera chinthu kufupi ndi kakomedwe ka madzi, sikuchidumphitsa madziwo kuti chikagwere tsidya lina.

Asidi ndi alikali ali ngati matsidya awiri, madzi oyera ali pakati. Tsidya lino kuli mandimu, bwemba, malambe, viniga ndi asidi wa m'batire ya galimoto. Tsidya linalo kuli chidulo chomwe agogo amatcheza ndi phulusa pophika therere, kuli soda, sopo ndi laimu. Kuti muchoke tsidya la asidi n'kukafika tsidya la alikali, muyenera kuthira alikali. Madzi oyera okha sangakuolotseni. Choncho munthu asanagwire n'komwe kalikyuleta, nzeru za kukhitchini zimamuuza kale kuti yankho la 8 lili ndi vuto. Chomwe chatsala n'kupeza pomwe masamuwo anapatukira.

Sikelo ya pH inayambitsidwa m'chaka cha 1909 ndi katswiri wa ku Denmark, Søren Sørensen, yemwe ankagwira ntchito ku labotale ya Carlsberg mumzinda wa Copenhagen. Iye ankafufuza za mapuloteni ndi zina zokhudza kuwira kwa mowa, ndipo ankafuna njira yachidule yolembera kuchuluka kwa tinthu tina tomwe timachititsa kuti madzi akhale asidi. Tinthuti timatchedwa maayoni a haidirojeni, ndipo pa pepala timalembedwa H⁺. Nambala zake zimakhala zazing'ono zedi, zodzaza ndi maziro, ndiye pH ili ngati kuwerenga kuti nambalayo yapita malo angati kuseri kwa kadontho. Madzi akakhala ndi 0.1 mol/L ya maayoniwa, pH ndi 1. Akakhala ndi 0.001, pH ndi 3. Akakhala ndi 0.000001, pH ndi 6. Maayoni akamachepa, pH imakwera, ndipo sitepe iliyonse ikutanthauza kuchepa kakhumi.

Asidi amatchedwa wamphamvu osati chifukwa ndi wambiri, koma chifukwa akalowa m'madzi amasweka yense. Haidirokoloriki, yemwe amapezekanso m'mimba mwathu kuthandiza kugaya chakudya, ndi wotero. Molekyulu yake iliyonse, HCl, ikalowa m'madzi imagawika pawiri: ayoni ya haidirojeni, H⁺, ndi ayoni ya kolorayidi, Cl⁻. Palibe yotsala yosagawika. N'chifukwa chake mabuku amaphunzitsa njira yachidule: pa asidi wamphamvu wotere, kuchuluka kwa H⁺ n'kofanana ndi kuchuluka kwa asidi amene mwathira. Njirayi ndi yabwino ndipo imagwira ntchito pafupifupi tsiku lililonse mu labotale. Vuto lake n'lakuti imayenda ndi lamulo lobisika lomwe kawirikawiri sitiwauza ana, lakuti haidirojeni yense m'botolomo wachokera kwa asidi. Lamulo limeneli si loona.

Madzi si chidebe chopanda kanthu

Ngakhale madzi oyeretsetsa, omwe sanakhudzane ndi dothi, mchere kapena mpweya, amakhala ndi maayoni awoawo. Nthawi zonse mamolekyulu ena ochepa a madzi amakhala akusweka okha, H₂O n'kukhala H⁺ ndi ayoni ina yotchedwa haidirokisayidi, OH⁻, yomwe ndi imene imachititsa kuti chinthu chikhale alikali. Nthawi yomweyo maayoni ena amakhala akukumana n'kubwereranso kukhala madzi. Kusweka ndi kubwereraku sikuima, koma kumayenderana mwakuti chiwerengero chimakhazikika. Pa kutentha kwa madigiri 25, mwa mamolekyulu pafupifupi 550 miliyoni a madzi, imodzi yokha ndiyo imakhala yosweka pa nthawi ina iliyonse. Izi zimapereka 0.0000001 mol/L ya H⁺ ndi muyezo womwewo wa OH⁻. Werengani malo kuseri kwa kadontho: ndi asanu ndi awiri. Uku n'kumene kunachokera pH ya 7. Sinasankhidwe chifukwa ili pakati pa 0 ndi 14 ayi, ndi madzi amene anaipereka.

Izi sizongoganizira. M'chaka cha 1894, akatswiri awiri a ku Germany, Friedrich Kohlrausch ndi Adolf Heydweiller, anatcheza madzi mobwerezabwereza m'ziwiya zotsekedwa kuti achotsemo chilichonse chachilendo, kenako n'kuyeza ngati magetsi angadutsemo. Magetsi amadutsa m'madzi pokhapokha muli maayoni. Iwo anapeza kuti madzi akamayera, magetsi odutsa amachepa, koma amafika pena pomwe sachepanso. Kamphamvu kotsalako n'ka maayoni a madzi enieniwo, ndipo muyezo umene anapeza uli pafupi kwambiri ndi umene timagwiritsa ntchito lero.

Tsopano yerekezani nambala ziwirizi. Asidi wa pa bolodi uja anabweretsa 0.00000001. Madzi anali kale ndi 0.0000001, kuchuluka kakhumi. Mwana wa kalikyuleta uja anawerenga mlendo mmodzi amene walowa pakhomo, n'kuiwala eni nyumba khumi omwe anawapeza atakhala kale. Kenako analengeza kuti m'nyumbamo muli munthu mmodzi, ochepa kuposa omwe analimo mlendoyo asanabwere. Pamenepa ndi pomwe masamu anapatukira.

Kuti tione kuchepa kwa asidiyu, tiyeni timuyeze ndi zinthu zodziwika. Asidi wa haidirokoloriki wosasukulutsa, wa m'botolo la mu labotale, amakhala pafupifupi 12 mol/L. Dontho limodzi lake, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a mililita, mukalithira m'madzi oyera okwana malita 60,000, mwafika pa muyezo wa funso lathu. Amenewo ndi migolo 300 ya malita 200, kapena ndowa 3,000 za malita 20, zonsezo kugawana dontho limodzi. Mu labotale sachita kutunga madzi onsewo. Amayamba ndi asidi wa 0.1 mol/L, kutengapo mamililita 10, kuwonjezera madzi mpaka afike 100, kusakaniza bwino, kenako kutapanso mamililita 10 pamenepo n'kubwereza. Ulendo uliwonse pH imakwera ndi 1: kuchoka pa 1 kupita pa 2, 3, 4, 5, ndipo ulendo wachisanu imafika pafupifupi 6. Mwana akaona mndandanda woterewu, n'zomveka kuti ayembekezere 7, kenako 8, kenako 9. Koma kuyambira ulendo wachisanu ndi chimodzi masitepe amafupika, chifukwa madzi omwe mukusukulutsira akubweretsa haidirojeni wawo. Simungachepetse haidirojeni kupyola wa m'madzi pothira madzi omwewo.

Kuwerenga bwinobwino

Wina anganene kuti ngati ndi choncho, tingophatikiza wa asidi ndi wa madzi, nkhani yatha. Ameneyu wayandikira, koma sanafike, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera kwambiri.

Maziro ambiriwa amatopetsa maso, choncho tiyeni tiwaike pambali. Muyezo uja wa 0.00000001 mol/L tiutche chipande chimodzi. Mwa kawerengedwe aka, madzi oyera ali ndi zipande 10 za H⁺ ndi zipande 10 za OH⁻, ndipo asidi wathu wabweretsa chipande chimodzi cha H⁺ ndi chimodzi cha Cl⁻.

Pali malamulo awiri omwe madziwa ayenera kumvera nthawi imodzi. Loyamba ndi lakuti mukachulukitsa H⁺ ndi OH⁻, yankho silisintha malinga kutentha kuli chimodzimodzi. Pa madigiri 25 limalembedwa motere:

[H⁺] × [OH⁻] = 1.0 × 10⁻¹⁴

Mu zipande zathu, ndiye kuti kuchulukitsako kumapereka 100 nthawi zonse, monga 10 kuchulukitsa ndi 10. Zili ngati munda womwe kukula kwake kunakhazikitsidwa kale: mukautalikitsa mbali ina, mbali inayo iyenera kufupika. Haidirojeni akachuluka, haidirokisayidi ayenera kuchepa. Chimene chimachitika m'katimo n'chakuti H⁺ wobwera ndi asidi amachulukitsa mwayi woti OH⁻ akumane ndi mnzake, choncho ena amagwirana n'kubwerera kukhala madzi. Khalidwe lotereli, loti zinthu zokhazikika zikasokonezedwa zimasunthira mbali yochepetsa chisokonezocho, linafotokozedwa ndi katswiri wa ku France, Henri Le Chatelier, mu 1884.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti madzi sangakhale ndi mphamvu ya magetsi yopendekera mbali imodzi. Maayoni okhala ndi chizindikiro chophatikiza ayenera kulingana ndi okhala ndi chizindikiro chochotsera. M'botolo lathu wophatikiza ndi mmodzi yekha, H⁺, pamene ochotsera ndi awiri:

[H⁺] = [Cl⁻] + [OH⁻]

Imani kaye pa mzere umenewu, chifukwa wayankha funso lonse tisanawerenge chilichonse. Ukunena kuti H⁺ ndi wofanana ndi OH⁻ kuphatikizapo kenakake. Kenakakeko kakhoza kuchepa mmene kangachepere, koma malinga muli kolorayidi ngakhale pang'ono, H⁺ aposa OH⁻. Ndipo ngati nambala ziwiri zochulukitsana n'kupereka 100 sizili zofanana, yaikuluyo iyenera kupitirira 10. Haidirojeni woposa zipande 10 ndiye kuti pH ili kunsi kwa 7. Palibe kasukulutsidwe kamene kangathyole mfundo imeneyi.

Tipeze nambala yeniyeni tsopano. Tikufuna nambala ziwiri zosiyana ndi 1, popeza kolorayidi ndi chipande chimodzi, zomwe zikachulukitsana zipereke 100. Tiyese maganizo a munthu wongophatikiza uja: H⁺ akhale 11, OH⁻ akhale 10. Kuchulukitsa kukupereka 110, kwapitirira. Tiyese 10 ndi 9: tapeza 90, kwachepa. Yankho lili pakati. Tikayesa 10.5 ndi 9.5 tikupeza 99.75, tatsala pang'ono. Tikayesa 10.51 ndi 9.51 tikupeza 99.95, ndipo apa tikhoza kuima. Haidirojeni ndi zipande 10.51, kutanthauza 0.0000001051 mol/L, ndipo kalikyuleta yomwe ija ikapatsidwa nambala yolondolayi imapereka pH ya 6.98.

Taonani zomwe zachitika. Tinathira chipande chathunthu cha haidirojeni, koma chiwerengero changokwera ndi theka, kuchoka pa 10 kufika pa 10.51. Theka linalo lapita kukagwirana ndi OH⁻, yemwe watsika kuchoka pa 10 kufika pa 9.51. Mwa haidirojeni yense m'botolomo, chipande chimodzi n'cha asidi, zipande 9.51 n'za madzi. Wongophatikiza uja akanapeza pH ya 6.96. Kusiyana kwake n'kochepa, koma maganizo ake ndi olakwika, chifukwa akuona ngati madzi amangoima duu osayankha zomwe zathiridwamo.

Kwa okonda masamu, kuyesayesa kumeneku kuli ndi njira yake yolunjika. Ngati C ndi kuchuluka kwa asidi, ndipo Kw ndi nambala ija ya 1.0 × 10⁻¹⁴, malamulo awiri aja akaphatikizidwa amapereka:

[H⁺] = (C + √(C² + 4Kw)) ÷ 2

Fomula imeneyi imagwira pa muyezo uliwonse wa asidi wosukuluka wa mtundu uwu, ndipo imasonyeza bwino malire a njira yachidule ija. Pa milimola imodzi, 0.001 mol/L, asidi wabweretsa zipande 100,000. Madzi apanikizika mwakuti gawo lawo latsika kufika pa 0.001 ya chipande. Kuwaiwala pamenepa sikulakwa, pH ndi 3. Tikatsika ka 1,000, kufika pa zipande 100, madzi akupereka pafupifupi chipande chimodzi, zonse pamodzi 101, ndipo pH idakali 6.00. Njira yachidule ikugwirabe, koma yafika m'mphepete. Sitepe yotsatira, zipande 10 za asidi, ndiyo imagwetsa anthu ambiri kuposa ya pa bolodi ija, chifukwa njira yachidule imapereka 7 ndendende, nambala yooneka yosalakwa, ndipo munthu amangoti asidi watha. Koma nambala ziwiri zosiyana ndi 10 zochulukitsana n'kupereka 100 ndi 16.18 ndi 6.18, ndipo pH yake ndi 6.79. Kuchoka apo timafika pa 6.98 wathu uja, kenako 6.998, kenako 6.9998. Imayandikirabe 7, osafikapo.

Mbali inayo zimachitika chimodzimodzi. Alikali wamphamvu monga kositiki soda, akasukuluka kufika pa chipande chimodzi, njira yachidule imanena kuti pH ndi 6, ngati kuti wasanduka asidi. Yankho loona ndi 7.02.

Nanga 7 ameneyu ndi wokhazikika?

Ndakhala ndikubwereza mawu akuti "pa madigiri 25", ndipo si mwamwambo chabe. Kusweka kwa mamolekyulu a madzi kumafuna kutentha, choncho madzi akatentha amasweka ambiri, akazizira amasweka ochepa. Pa kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37, madzi oyera amakhala ndi pH ya pafupifupi 6.8. Akafika powira, pa madigiri 100, pH yawo ili pafupifupi 6.1. Madzi amenewa sanasanduke asidi, chifukwa H⁺ ndi OH⁻ akadali olingana. Pakati pa matsidya aja ndi pomwe pasuntha.

Kuzizira kumabweretsa zodabwitsa kwambiri. Pa madigiri 10, monga m'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza, kuchulukitsa kuja sikuperekanso 100 koma pafupifupi 29. Madzi oyera ali ndi zipande 5.4 mbali iliyonse, ndipo pH yawo ndi 7.27. Thiranimo chipande chathu chimodzi cha asidi: nambala ziwiri zosiyana ndi 1 zopereka 29 ndi 5.9 ndi 4.9, ndipo pH ndi 7.23. Apa ndiye tili ndi asidi weniweni yemwe pH yake yapitirira 7. Sikuti mfundo yathu yagwa. Haidirojeni akuposabe haidirokisayidi, ndipo 7.23 ili kunsi kwa 7.27. Chomwe taphunzira n'chakuti mawu olondola kwenikweni ndi akuti asidi wosukuluka amakhala kunsi kwa pH ya madzi oyera pa kutentha komweko. Kunena kuti "kunsi kwa 7" n'koona pa madigiri 25 ndi kupitirira apo. Ndimaona kuti mabuku ambiri a kusukulu amalakwira ana posatchula malire amenewa, chifukwa mwana amakula akukhulupirira kuti 7 ndi lamulo la chilengedwe, pamene ndi muyezo wa madzi pa kutentha kumodzi.

Mukapita kukayeza

Mphunzitsi wina wachidwi akhoza kufuna kuonetsa ana 6.98 ameneyu ndi maso. Ndimuchenjeze mwaulemu kuti pa tebulo wamba la labotale sadzamuona, ndipo ndi bwino adziwiretu chifukwa chake kuti asaganize kuti mita yawonongeka kapena kuti masamu anama.

Chopinga chachikulu ndi mpweya womwe tikupumawu. Muli kaboni dayokisayidi, yemwe amasungunuka m'madzi n'kupanga asidi wofooka. Madzi otchezedwa bwino, akangosiyidwa osavundikira, pH yawo imatsika mpaka pafupifupi 5.6. Ndi chifukwa chomwechi mvula yoyera, yakutali ndi utsi wa mafakitale, nayo imakhala cha pamenepo. Mu zipande zathu, pH ya 5.6 ndi zipande pafupifupi 250 za haidirojeni. Asidi amene tinamuyeza mosamala uja ndi chipande chimodzi. Mpweya wa m'chipinda wamukwirira ka 250. Choncho mita idzaonetsa nambala ya kunsi kwa 7 ndithu, koma osati chifukwa cha haidirokoloriki wanu. Njira yodziwira ndi yapafupi: yezaninso madzi omwewo musanathire asidi. Ngati mabotolo onse awiri akuonetsa cha m'ma 5.6 mpaka 6, chimene mukuyeza ndi mpweya. Akatswiri ofuna kupewa zimenezi amawiritsa madzi kuti mpweyawo uchoke, n'kuwaziziritsa atatsekedwa, kapena amapopera naitirojeni m'madzimo ndi pamwamba pake nthawi yonse ya ntchitoyo.

Chopinga chachiwiri chimakokera mbali inayo, ndipo n'chimene chingapusitse munthu kwambiri. Mukasukulutsira madzi a pampopi kapena a pamjigo, mukhoza kupezadi pH ya 7.5 kapena 8, n'kuganiza kuti mwana wa kalikyuleta uja ankanena zoona. Koma madzi amene adutsa m'nthaka ndi m'miyala amakhala ndi michere yosungunuka, makamaka bayikaboneti, yomwe imameza asidi. Madzi a m'nyanja ya Malawi nawonso amapendekera ku alikali pa chifukwa chomwechi. Dontho lathu lija likagwera m'madzi otere limatheratu nthawi yomweyo. Pamenepa asidi sanasanduke alikali chifukwa chosukuluka, wakumana ndi alikali yemwe anali kale m'madzimo. Ngakhale botolo la galasi wamba limatulutsa tizigawo tochepa ta alikali m'madzi omwe akhalitsamo, ndipo kasopo kotsalira pochapa nakonso n'kokwanira kuphimba chipande chimodzi.

Ndiye pali mita yeniyeniyo. Mita ya pH, yomwe inayamba kufala Arnold Beckman atapanga yake ku California mu 1934 pofuna kuthandiza oyeza madzi a mandimu, imayeza kamphamvu ka magetsi pa kagalasi kopyapyala. Sitepe imodzi ya pH imasintha mphamvuyo ndi mamilivoti pafupifupi 59. Kusiyana kwa 7.00 ndi 6.98 ndi kupitirira pang'ono milivoti imodzi, komwe kuli m'malire a kulakwitsa kwa mita zambiri ngakhale zitakonzedwa bwino. Kuwonjezera apo, m'madzi oyeretsetsa magetsi amadutsa movutikira, choncho nambala imayendayenda osakhazikika. Ena amathiramo kamchere ka potaziyamu kolorayidi kuti ikhazikike, koma mcherewo uyenera kukhala woyera kwambiri, apo ayi ubweretsa zake. Za mapepala osintha mtundu aja ndiye tisanene, sangasiyanitse n'komwe.

Wina angafunse kuti ngati 6.98 savuta kuwerenga koma amavuta kuyeza, tikuvutikiranji naye. Ine ndimaona kuti phindu lake lili pa zomwe amatiphunzitsa za kusukulutsa. Tiyerekeze kuti lita imodzi ya asidi wa pH 1 yatayika pansi m'galaja kapena mu labotale, ndipo wina akuti tingothira madzi. Sitepe iliyonse imafuna madzi ochuluka kakhumi. Kufika pa pH 3 pakufunika malita 100. Kufika pa pH 6 ndi madzi oyera pakufunika malita 100,000, ndipo kuchoka apo, ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji, asidi yense amene anatayika akadali momwemo, wangomwazika. N'chifukwa chake asidi wotayika pansi amathiridwa soda kapena laimu pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya, kenako n'kutsuka. Pakhungu kapena m'maso ndi nkhani ina: pamenepo madzi ambiri oyenda ndiwo oyenera, kwa mphindi zambiri ndithu, chifukwa cholinga n'kukokolola asidiyo kuti achoke pathupi, ndipo munthuyo apite kuchipatala.

Kwa aphunzitsi anzanga amene mudakali m'kalasi, pempho langa ndi ili. Mukamaphunzitsa njira yachidule yopezera pH ya asidi wamphamvu, lembani malire ake pambali pake tsiku lomwelo: imagwira mpaka pa 0.000001 mol/L, ndipo kunsi kwa apo madzi ayenera kuwerengedwa. Kenako apatseni ana funso la pa bolodi lija, muwasiye apeze 8, ndipo musafulumire kuwapatsa fomula. Afunseni kuti atchule maayoni onse omwe ali m'botolomo, ndi kuti aliyense wachokera kuti.